Chikalata chikati 23:59 AoE, kwathu kuno pakhomo patsekedwa nthawi yanji?

Chikalata choitanira mapepala a kafukufuku kapena mapulopozo chikalemba kuti tsiku lomaliza ndi 15 Meyi, 23:59 AoE, munthu amene ali ku Lilongwe, Lusaka, Tete, Harare kapena Joni ali ndi mpata mpaka 13:59 masana a pa 16 Meyi. Ndiye kuti patatsala mphindi imodzi kuti 2 koloko masana ikwane, mawa lake la tsiku lolembedwalo. Yankho lake ndi limeneli, ndipo silisintha chaka chonse. Anthu amagwa m'mbuna pa zinthu zina zozungulira yankholi: kuwerengera chobwerera, kutenga nthawi ina ngati AoE pomwe si AoE, ndi kukhulupirira chikalata pomwe makina olandirira mapepala anaikidwa ola lina.

Kumene maola 14 akuchokera

Zilembo za AoE zikuimira mawu amene mumawaona pa chikalata akuti Anywhere on Earth. Ganizo lake ndi lakuti tsiku silinathe ngati pali malo ena pa dziko lapansi amene akadali m'tsikulo. Malo otsiriza kutsanzikana ndi tsiku ali kum'mawa pang'ono kwa mzere wosinthira masiku, pakati pa nyanja ya Pacific, pa tizilumba ta Howland ndi Baker pomwe sipakhala munthu. Nthawi ya kumeneko imalembedwa UTC-12, kutanthauza kuti ili m'mbuyo ndi maola 12 poyerekeza ndi UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo mawotchi. Kawerengedwe aka kanayambira m'gulu la akatswiri a IEEE 802.16, amene ankavota ali m'maiko osiyanasiyana, ndipo lero kanafala kwambiri m'misonkhano ya sayansi ya makompyuta.

Ife tili pa UTC+2. Kuchoka pa UTC-12 kufika pa UTC ndi maola 12, kuchoka pa UTC kufika pa ife ndi maola ena 2. Onse pamodzi 14. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa sasuntha mawotchi awo nyengo ikasintha, AoE nayonso sisuntha, n'chifukwa chake nambala ya 14 mukhoza kuiloweza pamtima osaopa kuti mu Juni ikhala ina.

Choyamba, koperani mzere wonse wa nthawi monga walembedwera

Musalembe tsiku lokha. Tengani zinthu zitatu: tsiku, ola, ndi zilembo zotsatira olalo. Ngati palembedwa AoE kapena UTC-12, ndi chimodzimodzi. Ngati palembedwa tsiku ndi AoE popanda ola, mwa chizolowezi amatanthauza kutha kwa tsikulo, 23:59.

Ola lolembedwa muliyang'ane kawiri, chifukwa si onse amene amalemba 23:59. Wina akalemba 12:00 AoE, masana a kumeneko, kwathu ndi 02:00 usiku wolowera tsiku lotsatira, osati 2 koloko masana. Choopsa kwambiri ndi 00:00. Chikalata chikati 15 Meyi, 00:00 AoE, powerenga mosakondera ndi chiyambi cha tsikulo, ndipo kwathu ndi 14:00 pa 15 Meyi pomwepo. Amene anazolowera kunena kuti "ndi mawa lake masana" adzapeza kuti pakhomo panatsekedwa dzulo. Mwina wolembayo ankafuna kunena pakati pa usiku wotsiriza tsikulo, koma inu mulibe njira yodziwira za mumtima mwake. Tengani nthawi yoyambirirayo, kapena lemberani okonza msonkhano kudakali milungu kuti akuyankheni polemba.

Onetsetsaninso kalembedwe ka tsiku. 03/04 kwa Mmereka ndi 4 Malichi, kwa Mngelezi ndi 3 Epulo. Zikakhala choncho fufuzani malo ena pa tsamba lomwelo pamene mwezi walembedwa m'mawu.

Chachiwiri, wonjezerani, musachotsere

Tengani ola la AoE, wonjezerani maola 14. Likapyola 24, chotsani 24 n'kupita tsiku lotsatira. 23:59 kuwonjezera 14 ndi 37:59, kuchotsa 24 kutsala 13:59, tsiku n'kusuntha limodzi. Samalani kumapeto kwa mwezi: 28 Febuluwale 2027 AoE ithera pa 1 Malichi, ndipo 31 Disembala ithera masana a tsiku la chaka chatsopano.

Kusokoneza chizindikiro n'kosavuta kuposa mmene munthu angaganizire, chifukwa UTC+12 ndi UTC-12 zimaonetsa ola lofanana pa wotchi, zimangosiyana tsiku. 23:59 ya UTC+12 kwathu ndi 13:59 tsiku lomwelo. 23:59 ya UTC-12 kwathu ndi 13:59 mawa lake. Mukaona ola lokha simungazindikire kuti mwalakwitsa. Njira yodziyesera ndi iyi: popeza AoE ndi nthawi yotsalira kuposa zonse, tsiku la AoE silingathe tsiku lanu lisanathe. Yankho likakupatsani nthawi yoti tsiku lolembedwalo kwanu likadalipo, pomwe chikalata chinati 23:59 AoE, mwawerengera chobwerera.

Ngati muli m'dziko lina, yambirani pa UTC. Kutha kwa tsiku la AoE nthawi zonse ndi 11:59 UTC mawa lake, ndipo pamenepo mumangowonjezera kapena kuchotsa maola a kwanuko. Ku Accra ndi 11:59 pomwepo, ku Lagos 12:59, ku Nairobi ndi Dar es Salaam 14:59, ku India 17:29 chifukwa nthawi yawo ili ndi theka la ola, ku China 19:59. Ku New Zealand, m'miyezi imene mawotchi awo ali pa UTC+13, zimafika 00:59 pakadutsa masiku awiri pa kalendala.

Chitsanzo cha anthu atatu olemba pepala limodzi

Tiyerekeze kuti pepala likulembedwa ndi anthu atatu, wina ku Zomba, wina ku Edinburgh, wina ku Seattle. Msonkhano wanena kuti chidule chilembetsedwe pofika Lachisanu pa 23 Okutobala 2026, 23:59 AoE, ndipo pepala lonse lifike pofika Lachisanu lotsatira, 30 Okutobala, 23:59 AoE.

Dedilaini ya chidule ithera Loweruka pa 24 Okutobala, 11:59 UTC. Wa ku Zomba wotchi yake idzakhala ikuti 13:59. Ku Britain panthawiyi akadali pa nthawi ya chilimwe, UTC+1, choncho wa ku Edinburgh ali ndi mpata mpaka 12:59. Ku Seattle ali pa UTC-7, ndiye kwa iye ndi 04:59 mbandakucha wa Loweruka.

Sabata yotsatira wa ku Zomba palibe chasintha, ndi 13:59 Loweruka pa 31 Okutobala. Koma ku Britain mawotchi amabwerera m'mbuyo ola limodzi Lamulungu lomaliza la Okutobala, lomwe mu 2026 ndi pa 25. Wa ku Edinburgh tsopano ali pa UTC yeniyeni, ndipo pakhomo patsekedwa 11:59, osati 12:59 monga sabata yathayo. Ngati ndiye wapatsidwa ntchito yotumiza fayilo yomaliza, ndipo akukumbukira kuti "ulendo wathawu tinali ndi mpaka 1 koloko", adzatsegula kompyuta 12:15 n'kupeza kuti batani lotumizira lachoka. Wa ku Seattle sanasinthebe, chifukwa ku America amabweza mawotchi Lamulungu loyamba la Novembala, pa 1 Novembala, choncho kwa iye ikadali 04:59.

Milungu yovuta chonchi imabwera kawiri pa chaka. Mu 2026 America inapititsa mawotchi patsogolo pa 8 Malichi, pomwe Britain ndi maiko a ku Ulaya anatero pa 29 Malichi. M'masabata atatu a pakatipo kusiyana kwa maola pakati pa London ndi New York sikukhala kwa masiku onse. Pa gulu lotere, wodalirika kusunga nthawi ndi amene ali kuno, chifukwa wotchi yake ndi ya AoE zimayendera limodzi. Polemberana uthenga musamalembe kuti "titumiza ikamakwana 12". Lembani ola limodzi la UTC, tsiku la sabata ndi deti, aliyense aziwerengera yekha.

Palinso china chimene chitsanzochi chikuonetsa. Dedilaini ya Lachisanu kwa ife imathera Loweruka masana. Maola 14 owonjezerawo ndi anu olembera, koma maofesi ndi otseka. Ngati pakufunika kalata ya mkulu wa dipatimenti, chidindo cha ofesi ya zachuma, kapena chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, malire enieni a zinthu zimenezo ndi Lachisanu anthu asanaweruke, mwinanso Lachinayi. AoE sisamala za Loweruka, Lamulungu kapena holide. Dedilaini ya Loweruka imathera Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi, ya Lachinayi imathera Lachisanu nthawi ya swala.

Chachitatu, tsimikizani ndi makina

Pa kompyuta ya Linux lamulo ili likupatsani nthawi ya kwathu:

```
TZ=Africa/Blantyre date -d '2026-10-30 23:59 -1200'
```

Yankho lake lidzakhala Loweruka, 31 Okutobala, 13:59. Mukasintha `Africa/Blantyre` n'kulemba `Europe/London`, mupeza nthawi ya mnzanu wa ku Britain, kusintha kwa mawotchi kutawerengeredwa kale. Mukafuna kudziwa kuti panopa ku AoE ndi nthawi yanji:

```
TZ=Etc/GMT+12 date
```

Musadabwe ndi chizindikiro chophatikizacho. M'maina oyamba ndi `Etc/GMT` zizindikiro zinatembenuzidwa, moti `Etc/GMT+12` ndiye UTC-12. Mukalemba `Etc/GMT-12` mwapita tsidya lina la mzere, ndipo mwasemphana ndi tsiku lathunthu. Pa Windows dera la nthawi limeneli limaoneka ndi dzina lakuti `(UTC-12:00) International Date Line West`, ndipo mukhoza kuliika ngati wotchi yachiwiri. Amene amasunga mndandanda wa madedilaini mu Excel, ngati tsiku ndi ola la AoE zili mu A2, fomula yake ndi `=A2+14/24`, bola bokosilo likhale loonetsa tsiku ndi ola pamodzi.

Mu kalendala ya pafoni lembani nthawi ya kwathu imene mwaipeza, 13:59 pa tsiku lotsatira, ngati chochitika chokhala ndi ola. Musalembe ngati chochitika cha tsiku lonse, chifukwa chotero sichisuntha mukapita dziko lina. Chokhala ndi ola chimadzikonza chokha: mukatsikira ku Nairobi foni idzachionetsa pa 14:59.

Chachinayi, onani zimene makina olandirira akunena

Amene amatseka pakhomo si chikalata, ndi makina: OpenReview, EasyChair, HotCRP, Microsoft CMT ndi ena otero. Munthu ndi amene amalowetsa nthawi m'makinamo, ndipo naye akhoza kusokoneza. Ngati chikalata chikuti 23:59 AoE koma wolowetsayo anaika 23:59 UTC, kwathu patsekedwa 01:59 usiku, maola 12 nthawi imene mukuyembekezera isanakwane. Makina ena amaonetsa dedilaini mu UTC, ena m'nthawi ya kompyuta yanu, ndipo CMT imakonda kuonetsa nthawi ya Pacific, ya kumadzulo kwa America. Ndiye mukaona 11:59 UTC pa tsiku lotsatira, kapena 04:59 ya Pacific m'miyezi imene America yapititsa mawotchi patsogolo, dziwani kuti zikugwirizana ndi AoE.

Tsegulani akaunti yanu tsiku lomwe mwaganiza zotumiza pepala, pezani pamene palembedwa nthawi yotsekera, muisinthire ku nthawi ya kwathu, muyerekeze ndi 13:59 ija. Zikasiyana, tsatirani yoyambirira kutha, ndipo dziwitsani okonza msonkhano. Kutsegula akaunti msanga kuli ndi phindu linanso: pa OpenReview, akaunti yatsopano yotsegulidwa ndi imelo wamba, osati ya yunivesite, imatha kudikira kuvomerezedwa kwa masiku angapo, ndipo misonkhano yambiri imafuna kuti aliyense wolemba nawo akhale ndi akaunti yake.

Musaganizenso kuti madeti onse a pa chikalata ndi a AoE. Nthawi zambiri amalemba chiganizo chimodzi pansi chonena kuti madedilaini onse ndi a AoE, ndipo zikatero palibe vuto. Chiganizocho chikasowa, tsiku lolipira ndalama zolembetsera, lopempha thandizo la ulendo, kapena lotumiza pepala lokonzedwa komaliza kwa osindikiza likhoza kutsatira nthawi ya mzinda umene msonkhanowo uchitikire. Akalengeza kuti awonjezera masiku, werenganinso mzere wonse, chifukwa nthawi zina tsiku latsopano limabwera ndi ola latsopano.

Opereka ndalama za kafukufuku ambiri satsatira AoE

Apa ndi pamene anthu ozolowera misonkhano amapwetekeka. Mabungwe akuluakulu opereka ndalama amatseka masana, pa nthawi ya ofesi yawo kapena ya ofesi yanu, ndipo palibe maola 14 a basela.

Mapulopozo a Horizon Europe, pulogalamu ya European Union yopereka ndalama za kafukufuku, amatsekedwa 17:00 nthawi ya ku Brussels. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, Brussels imakhala pa UTC+2, chimodzimodzi ndi ife, choncho ndi 5 koloko madzulo kwathunso. M'miyezi ina yotsalayo ili pa UTC+1, ndipo kwathu ndi 18:00. UKRI ya ku Britain kawirikawiri imatseka 16:00 nthawi ya kumeneko, yomwe kwathu ndi 17:00 m'miyezi imene mawotchi awo ali patsogolo, ndi 18:00 m'miyezi inayo. NIH ya ku America imati 5 koloko madzulo pa nthawi ya kumene kuli bungwe lopempha. Ngati lopemphalo ndi yunivesite ya ku Blantyre, ndi 17:00 ya ku Blantyre. Koma ngati inu mwangolowa pansi pa pulopozo ya yunivesite ya ku America, nthawi yowerengedwa ndi ya iwowo, ndipo ofesi yawo idzafuna bajeti ndi makalata anu kudakali masiku angapo.

Zikalata zina za ku America zimati 11:59 usiku nthawi ya Eastern, ya kum'mawa kwa America komwe kuli New York. Izi zimafanana ndi AoE pooneka, koma kwathu zimathera 05:59 m'mawa wa tsiku lotsatira m'miyezi imene mawotchi awo ali patsogolo, ndi 06:59 m'miyezi inayo. Amene adzuke n'kumati ndimalizitsa ndikamwa tiyi adzapeza patsekedwa. Pali chizolowezi chinanso cholemba EST, nthawi ya Eastern ya m'miyezi imene mawotchi abwezedwa, chaka chonse, ngakhale mu Julayi pamene mawotchi ali patsogolo ndipo nthawi yogwira ntchito ndi EDT. 17:00 EDT kwathu ndi 23:00, pomwe 17:00 EST ndi 00:00. Wolembayo pafupifupi nthawi zonse amatanthauza ola limene wotchi ya ku New York ikuonetsa tsikulo, choncho tengani 23:00. Ndipo musasokoneze CET ya ku Ulaya ndi CAT yathu, ndi chilembo chimodzi chokha chikusiyanitsa koma ola lathunthu lili pakati.

AoE mudzaipeza pa ndalama zochokera kumisonkhano ndi kumabungwe a akatswiri, monga thandizo la ulendo, malo a ophunzira a digiri ya udokotala, ndi mphotho zing'onozing'ono za kafukufuku. Ngati zilembo zitatuzo kapena UTC-12 sizinalembedwe, musaziganizire nokha.

Chachisanu, konzani maola omaliza chobwerera m'mbuyo

Kwa ife AoE inagwa pabwino, chifukwa ithera masana, osati mbandakucha ngati anzathu a ku Seattle. Choipa chake n'chakuti ola lomalizalo dziko lonse limatumiza nthawi imodzi, ndipo makina amatha kuchedwa kuyankha. Kuonjezera apo, masana ndi nthawi imene magetsi amazima ndipo netiweki imadzaza.

Makina ambiri amalola kusintha fayilo kangapo mpaka nthawi itatha. Ndiye tumizani pepala lathunthu, ngakhale lisanasalale, madzulo a tsiku lolembedwa pa chikalata. Likhale ndi mutu, maina onse a olemba, chidule, ndi mabokosi onse a pa fomu odzazidwa. M'mawa mwake konzani zotsala, tumizaninso pofika 11 koloko, ndipo ikakwana 13:00 musiye kusintha zikuluzikulu. Mukatumiza, tsitsani fayiloyo kuchokera m'makinamo, muitsegule, muone ngati ili yomaliza ndithu, ngati masamba sanapyole malire, ndiponso ngati maina anu achotsedwa pomwe msonkhano umafuna kuti oweruza asadziwe wolemba. Sungani imelo yotsimikizira, ndipo jambulani sikirini yoonetsa nambala ya pepala ndi nthawi.

Nthawi imene imawerengedwa ndi imene fayilo yamaliza kulowa, osati imene mwadina batani. Werengerani motere: kukula kwa fayilo mu MB kuchulukitsa ndi 8, kugawa ndi liwiro lotumizira mu Mbps, mupeza masekondi. PDF ya 10 MB pa 1 Mbps imatenga masekondi 80. Kanema wa 200 MB pa theka la 1 Mbps amatenga masekondi 3,200, pafupifupi mphindi 53, ndipo netiweki ikaduka pakati mumayambiranso. Liwiro lotumizira kawirikawiri limachepa poyerekeza ndi lotsitsira, choncho yesani lotumiziralo dzulo lake, pa malo omwewo pamene mudzakhale. Khalani ndi bandulo pa netiweki yachiwiri, laputopu ikhale yodzaza moto, ndipo mmodzi mwa olemba anzanu, makamaka amene ali kwina, akhale ndi fayilo yomweyo ndi chilolezo chotumiza. Pa makina ambiri chilolezocho amakhala nacho pokhapokha ngati dzina lake ndi imelo ya akaunti yake zinalowetsedwa pa fomu, ndiye zimenezi muzichite tsiku lolembetsa chidule.

Wotchi ya kompyuta yanu nayo ikhoza kutsalira ndi mphindi zingapo, pomwe makina amatsatira wotchi yawo. Ena amatseka 23:59:00, ena 23:59:59, ndipo chikalata sichinena. Muziwerenga 13:55 ngati mapeto.

Pakatsekedwa musanamalize

Lemberani okonza msonkhano nthawi yomweyo, pa imelo imene ili pa chikalata. Ikani fayilo yomalizidwa mu imeloyo kuti nthawi yotumizira ikhale umboni woti pepala linali litatha, tchulani nambala ya pepala, ndipo phatikizani chithunzi cha uthenga umene makina anakupatsani. Ngati makina anatseka nthawi ya AoE isanakwane, lembani maola onse awiri mu UTC, ola limene chikalata chinalonjeza ndi ola limene panatsekedwa. Pamenepo vuto ndi lawo ndipo kawirikawiri amatsegulanso. Ngati munachedwa nokha, misonkhano ikuluikulu sikawirikawiri kumva, ndipo opereka ndalama ndiye amauma mtima kwambiri. Chimene chidzaweruzidwe ndi fayilo imene inali m'makinamo nthawi yotseka, ija munatumiza madzulo a dzulo lake.